Mnzathu wasiya ntchito mwadzidzidzi ndipo mphekesera zachuluka: kodi timuchitire mwambo wotsanzikana?

Nachisale:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene munakumanapo ndi nkhani yotere. Ndine mlembi wa komiti yoona za chisamaliro cha ogwira ntchito pa bungwe lina muno mu Lilongwe, ndipo tilipo anthu 23. Lolemba m'mawa mnzathu wina, mayi amene wagwira ntchito zaka 6 mu ofesi yogula katundu, anapereka kalata yosiya ntchito, ndipo tamva kuti tsiku lake lomaliza ndi Lachisanu lomwe lino. Vuto ndi lakuti sabata yatha kunabwera anthu owerengera za ndalama ochokera kunja kwa bungwe, ndipo anakhala nthawi yaitali mu ofesi yake akuona mafayilo. Tsopano ena akuti mayiyu wathawa mlandu wa ndalama, ena akuti anakangana ndi bwana wamkulu, pamene ena akuti wapeza ntchito ya malipiro abwino ku Blantyre. Mwini wake sanauze munthu aliyense chifukwa chake.

Malamulo a komiti yathu amati munthu akamachoka atagwira ntchito zaka zoposa ziwiri, aliyense amasonkha K5,000, thumba la komiti limaonjezera K60,000, ndipo timakumana masana n'kumupatsa mphatso. Nditapita kukadziwitsa bwana wamkulu anangondiyankha kuti, "Dikirani kaye." Anzanga ena a m'komiti akuti tisachite kanthu kuopa kuti tingaoneke ngati tikuikira kumbuyo munthu wokayikiridwa. Ine mtima wanga sukuvomera kuti munthu amene takhala naye zaka zonsezi atuluke pachipata ngati mlendo. Kodi ndichite chiyani masiku otsalawa?

Bambo Mkandawire:
Mayi Nachisale, ndikuona kuti anzanu a m'komiti akunena zoona. Munthu wosalakwa sasiya ntchito ndi chenjezo la masiku asanu okha, chifukwa lamulo limafuna miyezi itatu, ndipo amene waphwanya lamulolo ali ndi chimene akuthawa. Mukamuchitira phwando lero, kenaka mwezi wamawa lipoti n'kutuluka lonena kuti ndalama zinasowa, anthu amene anasonkha adzakufunsani inuyo, osati bwana. Dikirani lipotilo. Ngati lidzamuyeretse, mudzamuitana n'kumupatsa mphatso yake.

Mayi Kumwenda:
Ndagwira ntchito yoyang'anira za ogwira ntchito kwa zaka zambiri, ndipo ndikufuna ndikonze kaye mfundo ya lamulo imene a Mkandawire atchula, chifukwa mphekesera zambiri zimayambira pamenepa. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000, pa gawo 29, limati munthu wolandira malipiro pamwezi amapereka chenjezo la mwezi umodzi. Miyezi itatu imene mukunenayo imapezeka m'mapangano a ntchito a anthu ena, makamaka a maudindo akuluakulu, koma si chiwerengero cha lamulo kwa aliyense. Komanso gawo 30 limalola kuti m'malo mwa chenjezo pakhale malipiro olowa m'malo mwake, ndipo kawirikawiri olemba ntchito amagwirizana ndi munthuyo kuti achoke msanga, makamaka ngati ntchito yake imakhudza ndalama kapena katundu. Choncho kuchoka m'masiku asanu, pakokha, si umboni wa mlandu uliwonse. Ndaonapo anthu akuchoka chonchi chifukwa cha matenda a mwana, chifukwa ntchito yatsopano ikufuna kuti ayambe pa 1 mwezi wotsatira, ndiponso chifukwa chozunzidwa ndi owayang'anira. Ndaonaponso ena amene analidi ndi mlandu. Mukangoyang'ana kunja simungathe kusiyanitsa, ndipo komiti yanu sinapatsidwe ntchito yosiyanitsayo.

Za owerengera ndalama, kumbukirani kuti akafika pa bungwe lililonse, ofesi yogula katundu ndi imodzi mwa malo amene amakhalitsa, chifukwa ndi kumene kuli makoteshoni, malisiti ndi zikalata zolandirira katundu. Kukhalitsa kwawo m'menemo ndi ntchito yawo ya chaka ndi chaka.

Choyamba chimene mungachite lero lomwe, musanatumize uthenga uliwonse pa gulu la ofesi, ndi kukambirana ndi mwini wakeyo muli awiri. Musamufunse chifukwa chimene akuchokera. Mumuuze kuti malamulo a komiti amamupatsa mwambo wotsanzikana monga munthu wina aliyense, ndipo mumufunse ngati akuufuna, ngati akufuna kuti uchitikire pa ofesi kapena kwina, komanso zimene angalole kuti zinenedwe za kumene akupita. N'kutheka kuti akana zonse, ndipo akatero mumupatse mphatso yake mwakachetechete.

Bambo Mkandawire:
Za miyezi itatu ndamva, chifukwa kuntchito kwathu ndi mmene mapangano athu alili. Koma funso langa simunaliyankhe, mayi Kumwenda. Nanga lipoti likadzatuluka loipa, anthu amene anasonkha mudzawauza chiyani?

Mayi Kumwenda:
Ndidzawauza kuti anatsanzikana ndi munthu amene anagwira naye ntchito zaka 6, ndipo kutsanzikana si kugamula mlandu. Ngati pali ndalama zosowa, bungwe lili ndi njira zake zozilondolera, ndipo kusiya ntchito sikufafaniza mlandu wa munthu. Chitenje ndi botolo la Fanta sizingaletse bungwe kupita kupolisi kapena kukhoti. Koma taganizirani mbali inayo. Ngati aliyense amene anachoka pa bungweli anachitiridwa mwambo, ndipo mayiyu yekha n'kumanidwa, ndiye kuti komiti yalengeza kwa anthu 23 kuti mphekesera ija ndi yoona, ngakhale itakhala chete. Chigamulo chimenecho n'chovuta kuchibweza, chifukwa lipoti la owerengera ndalama limapita kwa akuluakulu ndi ku bodi, ndipo wamba sangalione n'komwe. Mukati mudikire lipoti, mwina mudzadikira chinthu chimene sichidzafika m'manja mwanu.

Nangozo:
Ndiloleni ndifotokoze za ine mwini, popeza ndinakhalapo kumbali inayo. Ndinasiya ntchito pa kampani ina mwadzidzidzi chifukwa cha khalidwe la munthu amene ankandiyang'anira, ndipo sindinafune kuuza aliyense chifukwa ndinkaopa kuti nkhani ikafika kwa amuna anga m'njira yolakwika. Tsiku langa lomaliza ndinalongedza kapu yanga, nsapato zimene ndinkasunga pansi pa tebulo ndi kalendala ya kutchalitchi m'jumbo, ndipo anthu amene tinkadyera limodzi nsima masana ankangoyang'ana pa makompyuta awo pamene ndinkadutsa. Mlonda yekha ndi amene anandinyamulira jumboyo mpaka pamsewu. Pambuyo pake ndinamva kuti ankati ndinachotsedwa chifukwa cha ndalama za mafuta a galimoto, nkhani imene sinachitikepo, ndipo inanditsatira mpaka pamene ndinkafunsira ntchito ina.

Phwando sindikanalifuna, ndipo akanandifunsa ndikanakana. Chimene ndinkafuna chinali chakuti munthu mmodzi abwere adzati, "Tamva kuti mukuchoka, tikuthokoza, muyende bwino." Mayi Nachisale, pitani mukalankhule naye lero, musadikire kuti komiti igwirizane.

Bambo Kondwani:
Mayiyu asalole kuchoka asanalandire ndalama zake zonse. Zaka 6 ndi zambiri, ndipo bungwe liyenera kumupatsa ndalama za chipepeso cha kutha kwa ntchito pa chaka chilichonse chimene wagwira. Muuzeni apite ku ofesi ya zantchito ya boma akadandaule, chifukwa mabungwe ambiri amapezerapo mwayi munthu akachoka mofulumira.

Mayi Kumwenda:
Bambo Kondwani, funso la mayi Nachisale ndi la mwambo wotsanzikana, koma ndiyankhe mwachidule kuti wina asasocheretsedwe. Munthu amene wasiya yekha ntchito mwa kufuna kwake salandira ndalama za chipepesozo. Amalandira malipiro a masiku amene wagwira ndi a tchuthi chimene sanapite, ndipo lamulo limati zimenezi ziperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Zimasintha ngati munthuyo anakakamizika kuchoka chifukwa cha nkhanza za olemba ntchito, pakuti gawo 60 limaona zimenezo ngati kuchotsedwa ntchito, ndipo nkhani zotero zimatha kufika ku khoti loona za ogwira ntchito. Ichi n'chifukwa china chimene komiti iyenera kusamala pakamwa. Simukudziwa ngati mayiyu ndi bungwe adzakumane kukhoti, ndipo mawu olembedwa pa gulu la WhatsApp la ofesi sachedwa kujambulidwa n'kutumizidwa kwina.

Nachisale:
Zikomo nonse. Ndalankhula naye madzulo ano m'chipinda chosungira katundu, titatseka chitseko. Poyamba anaganiza kuti ndatumidwa ndi akuluakulu, ndipo anangokhala chete akusanja mafayilo m'katoni. Nditamuuza kuti ndabwera m'dzina la komiti ndipo sindikufuna kudziwa chifukwa chake, anakhala pansi n'kundiuza kuti mphekesera zonse wazimva, ndipo imene yamupweteka kwambiri ndi ya ndalama. Wati mwambo akuufuna, koma waung'ono, wa nthawi ya nkhomaliro, wopanda zolankhula zambiri, ndipo sakufuna kuti wina anene kumene akupita. Chifukwa chochokera sanandiuze ndipo sindinafunse.

Tsopano chatsala ndi mawu a bwana aja akuti "dikirani kaye". Komanso msungichuma wathu wandikumbutsa kuti mayiyu ali ndi ngongole ya K180,000 ku banki mkhonde ya pa ofesi, ndipo akuti ndalama za mphatso zingolowa kumeneko.

Che Saidi:
Nkhani ya ngongoleyo ndi imene imaononga miyambo yambiri yotsanzikana, ndipo ndikupemphani kuti musasakanize matumba awiriwa. Ine ndakhala msungichuma wa banki mkhonde kuntchito kwathu. Ndalama za komiti ndi zimene anthu amadulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi kuti zithandize pa maliro, pa ukwati ndi potsanzikana, ndipo mayiyu wakhala akudulidwa nawo zaka zonsezi, kutanthauza kuti anathandiza kugula mphatso za anzake amene anachoka iye asanachoke. K60,000 imeneyo akuyenera kuilandira malinga ndi malamulo a thumbalo. Ngongole ya banki mkhonde ili ndi malamulo akeake, ndipo mamembala ake mwina si onse a pa ofesi.

Chimene msungichuma achite ndi kukhala naye pansi Lachinayi, pamaso pa wapampando wa gululo, n'kuwerengera masheya amene mayiyu ali nawo m'gulu. Nthawi zambiri munthu wa zaka zambiri amakhala ndi masheya okwanira kuchotsera gawo lalikulu la ngongole. Zotsalazo alembe pa pepala kuti adzabweza liti ndiponso pa nambala iti ya Airtel Money kapena Mpamba, asayine, ndipo mboni isayinenso. Zimenezi zichitike tsiku la mwambo lisanafike komanso m'chipinda china. Mukatenga envelopu ya mphatso n'kunena pagulu kuti yapita ku ngongole, anthu amene amva kale za ndalama za bungwe adzalumikiza nkhani ziwirizi, ndipo pofika madzulo kudzamveka kuti mayiyu anadyanso ndalama za banki mkhonde.

Bambo Mkandawire:
Apa ndiye ndikugwirizana ndi Che Saidi pa zolemba, koma ndionjezere kuti munthu akachoka pa ofesi, ngongole imavuta kutolera. Ife wina anachoka ndi ndalama za gulu ndipo foni yake inasiya kupezeka. Msungichuma wanu sakulakwa kuda nkhawa.

Che Saidi:
Sakulakwa, ndipo n'chifukwa chake ndati akumane Lachinayi. Mayiyu akafuna yekha kutenga ndalama za mphatso n'kubwezera ngongole, ndi ufulu wake, koma aziyamba wazilandira m'manja.

Mayi Kumwenda:
Ndibwerere kwa bwana. Mawu akuti "dikirani kaye" angatanthauze zinthu zosiyana, ndipo muyenera kudziwa chimene akutanthauza musanapitirire. Mwina iye sakufuna kudzaimirira n'kuyamikira munthu pamene owerengera ndalama sanamalize, zimene n'zomveka kwa munthu wa udindo wake. Mwina pali zokambirana pakati pa iye ndi mayiyu zimene sizinathe. Mwinanso anangodzidzimuka ndipo sanaganizepo bwino. Pitani mawa m'mawa pamodzi ndi wapampando wa komiti, musapite nokha, ndipo mukanene motere: "Bwana, komiti ikufuna kutsata malamulo ake monga tinachitira ndi anzathu ena. Tikumana Lachisanu nthawi ya nkhomaliro kwa mphindi 30, ndi ndalama za ogwira ntchito, ndipo sipadzanenedwa chilichonse chokhudza chifukwa chochokera. Kodi mukutiloleza kugwiritsa ntchito chipinda chochitira misonkhano, kapena tikakumane kunja?" Funso lotere limamupatsa mpata woti asankhe za malo ndi za kubwera kwake, zimene zili m'manja mwake, popanda kumupatsa mphamvu pa thumba limene si lake. Akakana chipinda, musakangane naye. Pitani pa malo odyera apafupi.

Chachiwiri chimene mukapemphe n'chofunika kuposa mwambowo. Akuluakulu atumize uthenga umodzi kwa onse wolengeza za kuchokaku, chifukwa mpaka pano anthu akumvera m'makonde, ndipo mphekesera zimakula pamene ofesi ili chete. Uthengawo ukhale waufupi, ndipo mayiyu auone usanatumizidwe. Ungathe kunena kuti mayi wakutiwakuti apereka kalata yosiya ntchito, tsiku lawo lomaliza ndi Lachisanu, ntchito zawo azisiya m'manja mwa wakutiwakuti, ndipo bungwe likuwathokoza chifukwa cha zaka 6 zimene atumikira. Musaonjezere mawu akuti "pa zifukwa za iwo eni" ngati mwini wake sanavomere, chifukwa anthu amawamva ngati pali chobisika. Musalembenso kuti "mphekesera zimene zikumveka n'zabodza", pakuti mukatero mwaziuza ngakhale kwa amene sanazimve, komanso mwalonjeza chinthu chimene inu simungachitsimikize.

Pa mfundo yomweyi, lamulo lenilenilo limalemekeza chinsinsi cha wochoka. Gawo 31 limati munthu akapempha satifiketi yosonyeza kuti anagwira ntchito pamalopo, chifukwa chochokera chimalembedwa pokhapokha iye atapempha, ndipo ngakhale ndemanga ya kagwiridwe kake ka ntchito siilembedwa ngati sanaifune. Ngati olemba ntchito saloledwa kulemba chifukwacho pa chikalata popanda chilolezo chake, ndiye kuti komiti ilibenso chifukwa choti ichikambe pa nkhomaliro.

Abambo a Tadala:
Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo kuntchito ndimapemphedwa kawirikawiri kutsegula miyambo yotere ndi pemphero, choncho ndichenjeze za chinthu chimene ambiri sachiganizira. Wopemphera asankhidwe pasadakhale ndipo auzidwe malire. Ndinamvapo munthu akupemphera pa mwambo wonga uwu kuti Mulungu aulule zobisika ndi kukhululukira mlongo wathu pa zimene analakwa, ndipo wochokayo anatuluka misozi ili m'maso pemphero lisanathe. Wopempherayo mwina ankafuna zabwino, koma onse anamva kuti mlandu watsimikizika. Ena amalakwitsa mbali inayo, n'kuyamba kupempherera kuti adani a mlongo wathu achite manyazi, bwana ali pomwepo. Pemphero likhale lothokoza chifukwa cha zaka zimene mwakhala limodzi, lopempha ulendo wabwino ndi mtendere pa banja lake, basi.

Chimodzimodzinso olankhula. Musatsegule mpata woti aliyense amene ali ndi mawu alankhule, monga timachitira masiku ena. Sankhani awiri, mmodzi wa komiti ndi mmodzi amene mayiyu wamusankha yekha, ndipo anene zinthu zenizeni zimene anaziona, monga mmene ankathandizira madalaivala kupeza zipangizo msanga kapena mmene anaphunzitsira achinyamata ntchito. Mawu onga akuti "ngakhale pali zimene zachitika" kapena "ife sitiweruza" asamveke, chifukwa amanena chinthu chomwecho chimene akuyesa kuchipewa.

Nangozo:
Ndikugwirizana ndi abambo a Tadala, koma pali chimene chikundivuta pa malangizo oti tonse tikhale chete. Ngati mayiyu akuchoka chifukwa chozunzidwa, ndiye kuti mwambo waulemu wopanda mafunso ukuthandiza wozunzayo, ndipo wotsatira amene adzakhale pa mpandowo adzakumana ndi zomwezo. Kuntchito kwanga kuja, mtsikana amene analowa m'malo mwanga sanathe chaka.

Mayi Kumwenda:
Nkhawa yanu ndi yoona, mayi Nangozo, ndipo sindinganene kuti ndili ndi yankho lokwanira. Chimene ndinganene n'chakuti nkhaniyo ndi ya mwini wake, ndipo malo ake si pa mwambo. Mayi Nachisale angathe kumuuza mwamseri kuti ngati pali chimene akufuna kuti chidziwike, angalembere bodi ya bungwe kapena kupita ku ofesi ya zantchito, ndipo ngati akuona kuti anakakamizidwa kuchoka asazengereze, chifukwa lamulo limapereka miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa zantchito wa pa boma. Kupitirira pamenepo, tikayamba kumufufuza kuti timuthandize, tikhala tikuchita zomwe akuchita ofalitsa mphekesera, kungoti ndi mtima wina.

Nangozo:
Ndamva, ngakhale kuti mtima wanga sunakhutire. Anthu ambiri sadandaula chifukwa amafuna kalata yabwino yowachitira umboni kuchokera kwa bwana yemweyo.

Nachisale:
Tinapita kwa bwana m'mawa uno ndi wapampando. Walola chipinda chochitira misonkhano, wati iye sadzakhalapo chifukwa ali ndi msonkhano wina, koma wachiwiri wake adzabwera. Uthenga wolengeza watumizidwa 10 koloko, wa mizere itatu, ndipo mayiyu anauona kaye. Ndaona kuti kuyambira pamenepo anthu ayamba kulowa mu ofesi yake kukamupatsa moni, zimene sizinkachitika kuyambira Lolemba.

Funso latsopano ndi la msonkhemsonkhe. Nthawi zonse ndimaika mndandanda pa gulu la ofesi, dzina ndi dzina, n'kumaika chizindikiro pa amene wapereka. Mnzathu wina wandiuza kale kuti iye sapereka ndalama yake kwa munthu wakuba, ndipo wanena zimenezi pamaso pa anthu ku khitchini.

Che Saidi:
Ulendo uno musaike mndandanda wa mayina pagulu. Mukauika, usanduka chisankho cha amene akukhulupirira mphekesera ndi amene sakuzikhulupirira, ndipo mayiyu, amene akadali pa gulu lomwelo, adzawerenga mayina a amene sanapereke. Lembani uthenga umodzi wonena kuchuluka kwa ndalama, nambala yotumizira ndi nthawi yotsekera, mwachitsanzo Lachinayi 4 koloko madzulo. Mayina musunge m'kope lanu ndi la msungichuma, ndipo pagulu mudzangolengeza chiwerengero chonse ndi mmene chagwiritsidwira ntchito. Musakumbutse munthu kawiri. Konzani bajeti yanu potengera K60,000 ya thumba ndi theka la anthu, kuti ena akapanda kupereka musachite manyazi.

Bambo Mkandawire:
Koma ngati malamulo a komiti amati aliyense asonkhe, wokanayo akuphwanya lamulo, ndipo mawa ena adzakana pa maliro. Kapena mutsate malamulo onse, kapena muvomere kuti nkhaniyi ndi yapadera monga ndinanenera poyamba.

Mayi Kumwenda:
A Mkandawire akhudza mfundo yeniyeni, ndipo komiti idzayenera kuikambirana, koma osati sabata ino. Kukakamiza munthu kupereka K5,000 pamene wakwiya kudzabweretsa mkangano umene udzamveka mpaka kwa wochokayo. Chimene sichingadikire ndi mawu aja a ku khitchini. Wapampando amuitane munthuyo pambali lero n'kumuuza kuti kusapereka ndi nkhani ina, koma kutchula mnzake kuti wakuba pamaso pa anthu popanda umboni ndi kuipitsa mbiri, ndipo mayiyu angathe kumusumira. Amuuzenso kuti ngati ali ndi chimene akudziwa chokhudza ndalama za bungwe, akachinene kwa akuluakulu kapena kwa owerengera ndalama, kumene chingafufuzidwe. Kawirikawiri munthu akafunsidwa kuti, "Kodi munaona nokha, kapena munamva kwa ndani?" amapezeka kuti anangomva. Ndipo inu a komiti mugwirizane yankho limodzi loti muzipereka kwa aliyense wofunsa, kuphatikizapo ogulitsa katundu amene aziimba foni sabata yamawa: mayiwa asiya ntchito, tsiku lomaliza linali Lachisanu, ntchito zawo akugwira ndi wakutiwakuti. Ogulitsa katundu amayenda m'maofesi ambiri, ndipo chimene angamve kwa inu chidzafika kumene mayiyu akukafuna ntchito.

Nachisale:
Mwambo wachitika lero. Anapereka anthu 14 mwa 22, zomwe ndi K70,000, ndipo pamodzi ndi ya thumba zinakwana K130,000. Tinagula zakumwa ndi samusa za K35,000, chitenje cha K25,000, ndipo K70,000 tinaika mu envelopu pamodzi ndi khadi limene anasayina onse amene anafuna. Anabwera anthu 17, kuphatikizapo ena amene sanapereke, ndipo sitinabweze aliyense. Wachiwiri kwa bwana anangopereka mphatso n'kuthokoza. Dalaivala wathu wamkulu, amene mayiyu anamusankha, anafotokoza za tsiku limene galimoto inafera ku Dedza usiku ndipo mayiyu anayesetsa mpaka chipangizo chinapezeka m'mawa mwake. Mwini wake anathokoza mwachidule ndipo sananene kumene akupita. Mnyamata wina anayamba kufunsa kuti, "Ndiye mukulowera kuti, mayi?" koma wapampando anayankha msanga kuti nthawi yatha ndipo tijambulitse chithunzi. Za banki mkhonde anamaliza dzulo, masheya ake anachotsera gawo lina ndipo zotsala walemba kuti abweza miyezi iwiri.

Mphekesera sizinathe. Madzulo ano ndamva wina akunena kuti kusabwera kwa bwana ndi umboni, ndipo ndinangoyankha mawu amene tinagwirizana aja. Wapampando akufuna kuti pa msonkhano wa mwezi wamawa tilembe m'malamulo zoyenera kuchita munthu akachoka mwadzidzidzi, komanso akachotsedwa ntchito, chifukwa malamulo athu amangoti "munthu akamachoka".

Bambo Mkandawire:
Pa wochotsedwa ntchito chifukwa cha kuba kotsimikizika, ine ndikuti malamulo anene momveka kuti palibe mwambo ndipo palibe mphatso.

Che Saidi:
Mwambo ungathe kusachitika, koma ndalama ya thumba ndi nkhani ina, chifukwa munthuyo anadulidwa pa malipiro ake ngati wina aliyense. Kwathu tinalemba kuti wochotsedwa amalandira gawo la thumba kudzera kwa msungichuma popanda msonkhemsonkhe ndiponso popanda kukumana, ndipo ofuna kutsanzikana naye amachita zimenezo paokha. Mayi Nachisale, mukamakalemba, muikemonso kuti mlembi azifunsa wochokayo pasanathe masiku awiri chilengezo chitatuluka, ndiponso kuti achotsedwe pa gulu la WhatsApp la ofesi tsiku lotsatira tsiku lake lomaliza, atauzidwa kaye, osati mwambo uli m'kati.